Kakonzedwe ka mafunso odzaza m'mipata pophunzitsa akuluakulu Chichewa

Aphunzitsi anzanga, funso lodzaza mumpata limaoneka losavuta kukonza. Munthu amalemba chiganizo, n'kuchotsamo mawu amodzi, n'kujambula kamzere, basi watha. Vuto limadzaonekera pochonga, pamene ophunzira khumi alemba mayankho asanu ndi limodzi osiyana, onse omveka bwino, koma inu papepala lanu muli ndi yankho limodzi. Malangizo anowa ndawalembera amene tikuphunzitsa Chichewa anthu akuluakulu kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo: amalonda ochokera ku Milange amene amadutsa pa Muloza kudzagulitsa pa Limbuli, amayi ndi abambo amene anakulira m'Chilomwe ndi Chipwitikizi, alendo ogwira ntchito m'zipatala, komanso ophunzira a sukulu za kwacha amene Chichewa amayankhula koma akuphunzira kuchilemba. Mfundo yake ndi imodzi. Chiganizo chimene chazungulira mpata chiyenera kutsekera kunja mayankho ena onse, n'kusiya lokhalo limene mukufuna kuyesa.

Choyamba: lembani yankho musanalembe chiganizo

Ambiri amayamba ndi chiganizo, kenako n'kumayang'ana mawu oti achotse. Yambirani kumapeto. Tengani kope lanu, mulembe chinthu chimodzi chimene mwaphunzitsa sabata ino ndipo mukufuna kudziwa ngati chalowa. Chikhale chinthu chogwirika. "Aneni" n'chachikulu kwambiri. "Phatikizo losonyeza kuti ntchito inachitika dzulo" ndiye chogwirika. "Mawu a pakhomo" n'chachikulu. "Kusiyanitsa kuchapa, kutsuka ndi kusamba" ndiye chogwirika.

Apa mpamene mumasankhanso ngati funso ndi la mawu kapena la malamulo a chiyankhulo. Funso la mawu limafunsa ngati wophunzira akudziwa tanthauzo. Funso la malamulo limamupatsa tanthauzo kale, n'kumufunsa kapangidwe. Mukaphatikiza ziwirizi mumpata umodzi, wophunzira akalakwa simudziwa chimene chamugwetsa, ndiye simudziwanso choti mubwereze Lolemba.

Chachiwiri: mangani chiganizo chotseka

Apa ndiye pagona ntchito yonse, choncho tiyende pang'onopang'ono ndi chitsanzo chimodzi. Tinene kuti mwaphunzitsa nthawi yakale. Funso lobwera msanga m'mutu ndi ili:

Mayi __________ kumsika.

Yesani kuliyankha ngati simukudziwa chimene mphunzitsi akufuna. Apita. Anapita. Adzapita. Ali. Agona. Sanafike. Onsewa ndi olondola, ndipo wophunzira amene walemba "ali" sanalakwe kanthu. Funsoli lili ngati khola lopanda mbali zitatu: mbuzi itulukira paliponse.

Titseke mbali yoyamba popereka tsinde la mneni, kuti nkhani ya tanthauzo ichoke:

Mayi __________ kumsika. (pita)

"Ali" ndi "agona" atuluka, koma nthawi ikadali yotseguka. Tionjezere mawu osonyeza nthawi:

Dzulo mayi __________ kumsika. (pita)

Pano ambiri amaima, poganiza kuti zatheka. Sizinatheke. Wina alemba "sanapite", wina "ankapita", winanso "amapita", monga timanenera kuti dzulo amapita kumsika pamene mvula inayamba. Kuti titseke kukana, tilembe tokha mbali zina za mneniyo n'kusiya malo a phatikizo la nthawi okha. Kuti titseke "nka" ndi "ma", tionjezere mawu osonyeza kuti ntchitoyo inachitika n'kutha:

Dzulo mayi a______pita kumsika wa Limbuli kamodzi kokha.

Tsopano mpata ukufuna "na", kapena "da" kwa amene anazolowera kunena kuti adapita. Awiriwa ndi yankho limodzi, ndipo onse muwalembe papepala lanu la mayankho.

Chenjezo lina lili pomwepa. Pofuna kutseka chiganizo, dzanja limathamangira kulemba kuti "Dzulo mayi a______pita kumsika ndipo anagulako nsomba." Chiganizochi n'chotseka ndithu, koma yankho mwalipereka nokha mu "anagulako". Wophunzira wochenjera angokopera "na" osadziwa ntchito yake. Mukamaliza chiganizo chilichonse, yang'anani ngati phatikizo kapena mawu amene mwachotsawo sakuonekanso penapake m'chiganizomo, kapena m'funso lotsatira.

Nthawi yam'tsogolo ili ndi msampha wakewake. Mukalemba "Mawa ti______thyola tiyi" mukuyembekezera "dza", koma "tikathyola" ndi Chichewa chabwino, kutanthauza kuti tipita kwinakwake kukathyola. Ndipo "mawa tithyola tiyi" n'cholondolanso popanda kuika kanthu mumpatamo. Talikitsani nthawiyo, ndipo ntchitoyo ichitikire pamalo pamene woyankhulayo ali: "Chaka chamawa ti______bzala chinanazi pamunda pano." Mawu oti "pano" akankhira "ka" kunja.

Chachitatu: agwirizanitsi

Kwa munthu amene sanabadwire m'Chichewa, agwirizanitsi ndiwo amatenga nthawi yaitali kuti akhazikike, ndipo mafunso a mipata amathandiza kwambiri pamenepa chifukwa mpata wake ndi waung'ono, yankho lake n'looneka. Kakonzedwe kake n'komweko: lembani chilichonse, musiye mgwirizanitsi yekha.

Mtengo ______nagwa pamsewu wa ku Luchenza.
Mitengo ______nagwa pamsewu wa ku Luchenza.
Dengu ______nga ndi lolemera.

Loyamba likufuna "u", lachiwiri "i". Lachitatu ndaliika dala kuti muone vuto: "lolemera" akuulula chilembo choyamba cha yankho. Kwa ongoyamba kumene zimenezo zingakhale thandizo labwino, koma ngati mukuyesa, sinthani kuti likhale "Ndaiwala dengu ______nga kumunda."

Mayina a gulu la I-Zi ndiwo amavutitsa okonza mafunso, chifukwa dzinalo silisintha pochulukitsa. "Mbuzi ______nalowa m'munda wa nandolo" lingayankhidwe ndi "i" kapena "zi". Mukati mukonze polemba "mbuzi zitatu", mwaulula "zi". Gwiritsani ntchito nambala yosatenga mgwirizanitsi: "Mbuzi khumi ______nalowa m'munda wa nandolo." Wophunzira akudziwa kuti mbuzizo n'zambiri, koma palibe pokopera. Izi zimathekanso ndi nkhuku, nyumba, nthochi, njinga ndi ena a gulu lomweli.

Samalaninso ndi ulemu. "Kapitawo ______fika tsopano" ali ndi mayankho awiri, wafika ndi afika, ndipo munthu wamkulu amene amagwira ntchito pansi pa kapitawo asankha laulemulo. Simungamuchonge kuti walakwa chifukwa cholemekeza munthu. Ngati mukufuna "wa", ikani dzina limene palibe angalilemekeze motero, monga mwana kapena galu. Ngati mukufuna "a", ikani agogo kapena amfumu. Kwa amene apita patsogolo, mayina monga tiyi, fodya ndi katundu amayesa bwino, chifukwa sakuoneka ngati a gulu la anthu koma timati tiyi wanga, katundu wafika.

Chachinayi: mafunso a mawu ndi bokosi lake

Pa mafunso a mawu, chiganizo chiyenera kufotokoza chinthucho mokwanira osachitchula. "Ndagula __________ pa Chitakale" si funso, chifukwa chilichonse chogulitsidwa pamsikapo chilowa. Koma "Tikathyola tiyi timakamuyeza pa __________ kuti tidziwe makilogalamu ake" lili ndi yankho limodzi, sikelo. Ntchito ya chinthucho, malo ake ndi cholinga chake ndizo zimatseka.

Nthawi zina chiganizo chimakana kutsekeka ngakhale muchite bwanji. "Posenza mtolo wa nkhuni, mayi amaika __________ pamutu" mukufuna nkhata, koma wolemba nsalu kapena chitenje sananame. Pamenepo perekani zilembo zoyamba, nkh________, kapena ikani bokosi la mawu osankhapo.

Funso lisayesenso zinthu zimene si chiyankhulo. "Nsonga yaitali kuposa zonse paphiri la Mulanje ndi __________" likuyesa ngati munthu akudziwa Sapitwa. Mayi wa ku Likhubula akhoza, mlendo wa ku Milange alephera, ndipo palibe chimene mwaphunzirapo za Chichewa chawo. Litembenuzeni: "Sapitwa ndi nsonga __________ kuposa zonse paphiri la Mulanje. (tali)". Tsopano likuyesa mfotokozi, yaitali, ndipo dzina la malo langothandiza kuti chiganizo chikhale cha kwathu.

Bokosi lili ndi malamulo ake. Mawu akhale ochuluka kuposa mipata, mwina awiri oonjezera pa mipata isanu, kuti funso lomaliza lisayankhidwe ndi mawu amene angotsala. Onse akhale a mtundu umodzi: ngati ndi aneni, aneni okhaokha, onse oyamba ndi "ku". Ndipo chifukwa Chichewa chili ndi agwirizanitsi, pali chinthu china choyang'ana. Mukaika khasu, chikwanje, mpeni ndi nkhwangwa m'bokosi, n'kufunsa kuti "Ndikunola __________ changa", aliyense wodziwa kuti "cha" amayenda ndi "chi" asankha chikwanje ngakhale sanachionepo. Mwina chotsani "changa" n'kufotokoza ntchito ya chidacho, kapena mayina onse a m'bokosi akhale a gulu limodzi, monga chikwanje, chikwakwa, chipande ndi chikho.

Nali pepala lathunthu la phunziro la ukhondo wa pakhomo:

*Sankhani mawu amodzi m'bokosimu ndi kuwalemba mumpata. Mawu awiri atsala.*

*kuchapa, kutsuka, kusamba, kusesa, kukolopa, kuzira, kusukusula*

1. Musaiwale __________ m'manja musanadye nsima.
2. Tikatha kudya, ana ayenera __________ mbale ndi mapoto.
3. Loweruka ndimakonda __________ zovala zogwirira ntchito.
4. Tengani tsache, muyambe __________ pabwalo.
5. Simenti yada ndi matope, tengani chisanza ndi madzi muyambe __________.

Taonani mawu awiri otsalawo. Kuzira ndi kusukusula ndi a banja lomwelo la ukhondo, choncho amakopa munthu amene sakudziwa bwino, koma salowa mumpata uliwonse. Mukanaika kusita, akanalowa pa nambala 3. Mukanaika kupukuta, akanalowa pa 2 ndi pa 5. Mawu oonjezera aliwonse muwayese m'mipata yonse, umodziumodzi, musanawalole kukhala m'bokosi. Mwina mungafune kuonjezera funso loti "Mukangodzuka, yambani ndi __________ kumaso" kuti kusukusula apeze malo. Lisiyeni, chifukwa kusamba kumaso timanenanso, ndipo amene asankhe kusamba pamenepo asowa choika pa nambala 1, n'kutaya malikisi awiri popanda kulakwa.

Chachisanu: ndime yokhala ndi mipata

Ophunzira akayamba kuwerenga ndime, mutha kuwapatsa kankhani ka ziganizo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu kokhala ndi mipata. Njira yotchuka yochitira zimenezi inafotokozedwa ndi Wilson Taylor wa ku America mu 1953. Iye ankachotsa mawu motsatira chiwerengero, osayang'ana kuti ndi mawu ati, pofuna kuyeza ngati nkhani ndi yosavuta kuwerenga. Pambuyo pake aphunzitsi a ziyankhulo anaitengera m'kalasi, ndipo ambiri amachotsa mawu achisanu kapena achisanu ndi chiwiri aliwonse.

Ine sindilimbikitsa kuwerengera koteroko pa Chichewa. Mawu athu amasenza zambiri. Mu "sindinamuone" muli wochita, kukana, nthawi, wochitiridwa ndi ntchito yomwe. Chiwerengero chikagwera pamenepo mwachotsa chiganizo chathunthu, pamene mpata wotsatira ungagwere pa "ndi" kapena "wa". Sankhani nokha malo a mipata molingana ndi chimene mwaphunzitsa. Chiganizo choyamba ndi chomaliza muzisiye zathunthu kuti owerenga agwire mutu wa nkhani, ndipo mipata italikirane, wina usadalire yankho la unzake.

Chachisanu ndi chimodzi: kumbukirani amene akuyankha

Amene ali patsogolo panu ndi makolo, ena ndi agogo, ndipo ambiri afika m'kalasi atachoka kumunda kapena kumsika. Ziganizo zikambe za moyo wawo: kuyeza tiyi, kukwera kabaza kupita ku Muloza, kugulitsa nthochi pa Bvumbwe, kulemba dzina kuchipatala, kutumiza ndalama pafoni. Za kalulu ndi fisi asiyireni ana a sitandade 2. Musaike dzina la wophunzira m'chiganizo chonena za ngongole, matenda kapena kuledzera, ngakhale mwanthabwala. Munthu wamkulu akachita manyazi pagulu sadandaula, amangosiya kubwera.

Mawu ena onse m'chiganizo akhale odziwika kale, kuti chovuta chikhale mpata wokha. Kwa ongoyamba, mpata umodzi pa chiganizo, ndipo usakhale koyambirira penipeni pamene munthu sanamve kalikonse. Mizere ya mipata ya mawu ikhale yofanana kutalika, chifukwa mzere waufupi pakati pa italiitali umaulula kuti yankho ndi lalifupi. Ikhalenso yaitali mokwanira, masentimita 5 kapena 6, popeza dzanja limene laphunzira kugwira pensulo ukulu limalemba zilembo zikuluzikulu. Zilembo zanu nazonso zikhale zazikulu. Masiku a chiperoni m'zipinda zathu zophunzirira mumada msanga, ndipo ambiri opitirira zaka 40 amavutika kuona zilembo zing'onozing'ono pafupi. Pamwamba papepala ikani chitsanzo chimodzi choyankhidwa kale, ndipo malangizo muwawerenge mokweza. Mafunso khumi ndi okwanira pa mphindi 20.

Chachisanu ndi chiwiri: liyeseni pa anthu, ndipo konzerani mayankho

Inu amene mwakonza funso simungaone mayankho enawo, chifukwa lanu lakhala kale m'maso. Perekani pepalalo kwa anthu awiri oyankhula Chichewa bwino, osawauza kanthu, ndipo muwapemphe kuti pampata uliwonse alembe mawu onse amene angalowepo. Mmodzi akhale wa kuno, wina ngati n'kotheka wa chigawo chapakati. Pamene alemba chimene simumayembekezera, musatsutsane nawo. Tsekani chiganizocho, kapena landirani yankho lawolo.

Kenako lembani pepala la mayankho, lokhala ndi onse ovomerezeka: na ndi da, kubzala ndi kudzala, kuthyola ndi kutchola. Gamulaninso musanachonge za kalembedwe. Kuno kummwera ambiri timati "siku", "zina", "tizapita", pamene kalembedwe ka m'mabuku, kotsatira malamulo amene Chichewa Board inakonzanso mu 1990, ndi tsiku, dzina, tidzapita. Ngati funso likuyesa nthawi yam'tsogolo ndipo wophunzira walemba "za", nthawiyo waidziwa. Mpatseni malikisi ake, mulembe "dza" pambali kuti aone. Ngati phunziro linali la kalembedwe ka "dz" ndi "ts", pamenepo "za" ndi cholakwa, ndipo ophunzira auzidwiretu. Chosayenera n'kuchongera wina mwanjira ina, mnzake mwanjira inanso, pa cholakwa chimodzimodzi.

Chachisanu ndi chitatu: mukachonga, chongani mafunsonso

Mapepala akabwera, jambulani mizere m'kope, funso lililonse mzere wake, n'kulembamo mayankho olakwa amene aperekedwa. Tinene kuti muli ndi ophunzira 20 ndipo munawapatsa pepala la ukhondo lija.

Ngati pa nambala 1 anthu 8 alemba "kutsuka m'manja", ndipo ambiri mwa iwo ndi alendo, funso lili bwino ndipo lakuonetsani chinthu chenicheni: sanasiyanitse kuyeretsa thupi ndi kuyeretsa ziwiya. Bwerani ndi beseni, mbale ndi malaya m'kalasi, muchite ntchito zitatu, kusamba, kutsuka ndi kuchapa, iwo akuona, aliyense atchule. Ngati yankho limodzi "lolakwa" laperekedwa ndi ophunzira anu akhama, amene akhoza ena onse, kayikirani funsolo. Liwerengeni mokweza ndi yankho lawolo. Kawirikawiri mupeza kuti likumveka, ndipo malikisi awo muwabwezere pamaso pa onse. Ngati mayankho olakwa ali obalalika, aliyense lakelake, ndiye kuti m'chiganizomo muli mawu ena amene sakuwadziwa, mwina "chisanza" pa nambala 5. Ngati mipata yomalizira yasiyidwa yopanda kanthu ndi anthu ambiri, vuto ndi nthawi, osati chiyankhulo. Ndipo funso limene onse 20 akhoza, kuphatikizapo amene alephera ena onse, liyang'aneninso ngati silikuulula yankho lake. Ngati silikuulula, lisungeni kuti lizikhala loyamba papepala, munthu ayambe ndi chimene akuchidziwa.

Funso limene mwalikonzanso mulilembe pakhadi lakelake, kutsogolo chiganizo, kumbuyo chimene likuyesa, mayankho ovomerezeka ndi zolakwa zimene zinabwera kawirikawiri. Pakatha milungu iwiri kapena itatu bweretsaninso mfundo yomweyo m'chiganizo china, mbuzi khumi zikhale nkhuku khumi, msika wa Limbuli ukhale wa Luchenza, kuti muone ngati wophunzira anagwira lamulo kapena anangoloweza chiganizo chija.